Mapu a komwe chamoyo chingakhale: AUC ya 0.94 isakusangalatseni msanga

Ambiri amene amabwera kudzandionetsa mapu awo oyamba amabwera akumwetulira. Mapuwo amakhala okongola, mofiira momwe chamoyo chingakhale, mobiriwira momwe sichingakhale, ndipo pansi pake pali nambala ya AUC, yoyeza kukhoza kwa modelo imene yapanga mapuwo, yoposa 0.9. Ine ndimangofunsa mafunso awiri: madontho oyesera munawasankha bwanji, nanga madontho ofananitsira munawatenga kuti? Kumwetulira kumathera pamenepo. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ntchito yeniyeni ya modelo imeneyi ndi yosavuta kuimva. Muli ndi madontho osonyeza malo amene munthu anaonako chamoyo china, dontho lililonse ndi manambala ake a GPS. Muli ndi mapu a nyengo angapo osanjikizana, onse ogawidwa m'timabokosi tofanana, kabokosi kalikonse kali ndi nambala yake ya kutentha kapena ya mvula. Kompyuta imawerenga nyengo ya pa madontho aja, n'kuifananitsa ndi nyengo ya dera lonse, kenako n'kupatsa kabokosi kalikonse malikisi osonyeza kuti kakufanana bwanji ndi malo amene chamoyocho chinapezeka. Dziwani kuti mulibe umboni wa malo amene chamoyocho kulibe. Muli ndi umboni wa komwe chinaonedwa basi, ndipo mavuto ambiri amachokera pamenepa.

Tiyerekeze kuti tikutsata mtundu wina wa chule wa m'mapiri, ndipo takopera madontho 412 pa GBIF, nkhokwe ya pa intaneti ya malo amene zamoyo zinaonedwa. Manambala a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma zimene zichitikezi ndi zimene zimachitikadi.

Musanachite china chilichonse, ikani madontho onsewo pa mapu muwayang'ane ndi maso. Mupeza dontho lili pakati pa nyanja chifukwa wolemba anasinthanitsa manambala awiri aja kapena anaiwala kachizindikiro kochotsera. Mupeza madontho ambiri ataunjikana pakatikati penipeni pa dziko, chifukwa wolemba ankangodziwa dzina la dzikolo, kompyuta n'kuika dontho pakati. Ena ali pa 0, 0. Onsewa achotseni. Yang'ananinso gawo lotchedwa `coordinateUncertaintyInMeters`: ngati dontho lingakhale litaphonya ndi makilomita 20 pomwe timabokosi tanu ndi ta makilomita osakwana 5, ndiye kuti likuwerenga nyengo ya malo ena. Kumapiri zimenezi zimapweteka kwambiri, chifukwa chigwa ndi nsonga zimasiyana kutentha ngakhale zili pafupi.

Mapu a nyengo ambiri amatenga a WorldClim 2.1, amene ndi avereji ya zaka za 1970 mpaka 2000 ndipo ali ndi mapu 19, `bio1` mpaka `bio19`. Titenge a `res = 2.5`, amene kabokosi kake ndi pafupifupi makilomita 4.6 mbali iliyonse kufupi ndi ikweta. Kabokosi kamodzi kakhale ndi dontho limodzi lokha. Mu pulogalamu ya R timachita motere, `xy` akuimira manambala a GPS a madontho athu:

```r
bio <- geodata::worldclim_global(var = "bio", res = 2.5, path = "deta")
sel <- terra::cellFromXY(bio, xy)
xy  <- xy[!duplicated(sel), ]
```

Pa chule wathu, titamaliza zonsezi tatsala ndi madontho 96. Musadandaule ndi 316 otayikawo. Anthu makumi atatu akajambula chule padziwe limodzi la m'mbali mwa msewu, amenewo ndi malo amodzi, osati makumi atatu.

Mapu 19 onse aja musawalowetse. Ambiri amanena chinthu chimodzi m'njira zosiyana, ndipo madontho 96 sangasenze katundu yense ameneyo. Ganizirani za moyo wa chuleyo: amafuna madzi oti aikiremo mazira, ndipo kuzizira kwambiri kapena kuuma kwa nthawi yaitali kumamupha. Choncho tingasankhe `bio6`, kuzizira kwa mwezi wozizira kwambiri, `bio12`, mvula ya chaka chonse, `bio15`, kusiyana kwa mvula pakati pa miyezi, ndi `bio5`, kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri. Awiri akamayendera limodzi kupitirira 0.7 pa muyeso wa correlation umene umalekezera pa 1, anthu ambiri amachotsapo mmodzi. Sungani amene mungathe kufotokoza chifukwa chake chule angamusamale.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani. MaxEnt, pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito, imafuna madontho ofananitsira, amene pa kompyuta mudzawaona akulembedwa `background` kapena `bg`. Mukapanda kusintha imatenga 10,000. Madonthowa sakunena kuti chule kulibe, akungoonetsa nyengo imene ilipo m'deralo. Funso ndi lakuti dera lake liti. Mukawamwaza pa kontinenti yonse, zipululu ndi zigwa zotentha zomwe, mwapatsa modelo mayeso a mwana wa sitandade 1. Ingophunzira kuti chule sakhala m'chipululu, zimene mumadziwa kale, ndipo AUC ikwera. Dera loyenera ndi lokhalo limene chuleyo akanatha kufikako pa mbiri yake. Njira yachidule ndi kujambula malire a makilomita 100 kapena 200 kuzungulira madontho anu, malingana ndi mayendedwe a chamoyocho. Mbalame ndi nkhono sizingakhale ndi malire ofanana.

Pali msampha wina. Anthu amafufuza komwe kuli misewu, pafupi ndi matauni ndi m'malo otetezedwa. Madontho a chule akakhala a m'mbali mwa misewu pomwe ofananitsira ali paliponse, modelo imaphunzira nyengo ya komwe anthu amayenda. Mapu anu amakhala a ofufuza, osati a chule. Mankhwala ake abwino ndi kutenga madontho a achule a mitundu yonse amene analembedwa m'deralo n'kuwasandutsa ofananitsira. Apo ndiye kuti mukufunsa funso lolondola: pa malo onse amene anthu anapitako kukafuna achule, ndi nyengo iti imene mtundu wathuwu unapezeka?

AUC tanthauzo lake ndi ili. Mutenge dontho limodzi la chule ndi dontho limodzi lofananitsira mwachisawawa. Kodi modelo ipereka malikisi ochuluka kwa la chule kangati? Ikatero theka la nthawi, AUC ndi 0.5, chimodzimodzi kungolota. Ikatero nthawi zonse, ndi 1. Koma pakati pa ofananitsira aja pali malo amene chule alikodi, choncho ngakhale modelo yangwiro singafike pa 1, ndipo chamoyo chopezeka ponseponse chimapereka AUC yotsika ngakhale modelo ili bwino. N'chifukwa chake kufananitsa AUC ya chamoyo china ndi ya china, kapena ya dera lalikulu ndi laling'ono, n'kutaya nthawi.

Chule wathu uja poyamba anapeza 0.94. Ofananitsira anali a kontinenti yonse, ndipo madontho 96 anagawidwa mwachisawawa, 72 ophunzitsira, 24 oyesera. Vuto la kugawa kotereku ndi lakuti dontho loyesera limakhala makilomita asanu kuchokera pa dontho lophunzitsira, ndipo nyengo ya malo oyandikana imafanana. Ndiye modelo inalowa m'mayeso ndi likasa m'thumba. Inakhoza, koma sitikudziwa ngati ikudziwa kanthu.

Mayeso oona ndi ogawa malo, osati madontho. Dulani deralo m'zigawo zinayi, kumpoto chakum'mawa, kumpoto chakumadzulo, ndi ziwiri za kummwera, chilichonse madontho 24. Phunzitsani modelo ndi zigawo zitatu, muiyese pa chachinayi chimene sinachionepo, mubwereze kanayi. Mu R, ENMeval imachita zimenezi, n'kuyesanso makonzedwe osiyanasiyana a `fc` ndi `rm` nthawi imodzi. Apa `env` akuimira mapu a nyengo amene tasankha aja:

```r
e <- ENMeval::ENMevaluate(occs = xy, envs = env, bg = bg,
       algorithm = "maxnet", partitions = "block",
       tune.args = list(fc = c("L", "LQ", "LQH"), rm = 1:4))
```

Titachepetsa dera n'kugawa motere, `auc.val.avg`, avereji ya AUC ya zigawo zoyesera, inagwera pa 0.71. Modelo sinaonongeke ayi. Nambala yoyamba ija ndiyo inali yonama.

Ine nambala imene ndimaiyang'ana kwambiri si AUC, koma `or.10p.avg`, chifukwa imanena chinthu chogwirika. Modelo imaika mzere pa malikisi amene amasiya kunja madontho 10 pa 100 alionse ophunzitsira, otsikitsitsa aja. Pa madontho 72, amenewo ndi pafupifupi 7. Modelo ikakhala yabwino, pa madontho 24 a chigawo choyesera iyenera kuphonyanso chimodzimodzi, awiri kapena atatu. Yathu, ya `fc = "LQH"` ndi `rm = 1`, inkaphonya 9 pa 24. Tangoganizani: malo asanu ndi anayi amene munthu anagwirako chule ndi manja, mapu akunena kuti kumeneko sangakhale. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti modelo yaloweza madontho ake m'malo momvetsa nyengo. Chizindikiro china ndi `auc.diff.avg` yaikulu, kusiyana kwa AUC ya madontho ophunzitsira ndi ya oyesera, kutanthauza kuti imakhoza bwino kwawo koma kwa eni imalephera.

Mankhwala a kuloweza ndi kuimanga modelo kuti isapindikepindike. `rm` ikakwera, modelo imalangidwa kwambiri ikafuna kutsata kadontho kalikonse. `fc = "LQ"` imangolola mizere yowongoka ndi yokhota kamodzi ngati phiri. Pa `LQ` ndi `rm = 3`, chule wathu anapeza AUC ya 0.74, kuphonya kunatsikira pa 4 mwa 24. Mapu ake ndi osakongola ngati oyamba aja, mofiira mwakula ndipo malire ake ndi osalala, koma ndi amene ndingapatse munthu wopita kutchire.

Musaiwale kuyang'ana zigawo zinayi zija chimodzichimodzi, chifukwa avereji imabisa zambiri. Zitatu zikakhala bwino koma chimodzi n'kugwa pansi, kawirikawiri chigawo chimenecho chili ndi nyengo imene kwinako kulibe, mwina mvula yochuluka kuposa imene modelo inaonapo. Pamenepo modelo ikungolota. Zomwezi zimachitika, mokulirapo, mukaisamutsira kudziko lina kapena ku nyengo ya zaka za mtsogolo. Mapu a MESS amaonetsa malo otero ndi manambala otsika pansi pa ziro, ndipo malo amenewo muwaphimbe kapena muwalembe poyera kuti sakudalirika.

Tsegulaninso zithunzi zoonetsa mmene malikisi akusinthira ndi mapu aliwonse a nyengo. Ngati chithunzi cha `bio12` chikukwera pa mamilimita 900, kugwa pa 1,000, n'kukweranso pa 1,100, palibe chule amene amakhala choncho. Bwererani ku madontho mukaone kuti pa 1,000 paja pali chiyani, nthawi zambiri mupeza kuti ndi dera limene sikunapite munthu.

Mapu akatha, sankhani malo khumi ofiira amene mulibe dontho lililonse, ndi khumi ena amene modelo yawapatsa malikisi otsika, mukafufuze onse mofanana, nyengo imodzi, maola ofanana usiku. Ambiri amangopita kofiira kokha, ndipo akamupeza chule amati modelo yatheka, osadziwa ngati kobiriwira nakonso aliko. Mukapita kofiira n'kusamupeza, musafulumire kuitaya modelo. Imangodziwa kutentha ndi mvula. Siidziwa kuti dziwe linauma, nkhalango inadulidwa, kapena pali mtsinje waukulu umene chule sanauwolokepo. Lembani malo onse amene mwafufuza osamupeza, ndi tsiku ndi maola amene munakhalako, kuti modelo yotsatira idzakhale ndi umboni wa mbali zonse ziwiri.