Relatoriyo ya ku labu yapitirira mapajina: momwe mungaidulire osataya zotsatira

Mwezi wathawu mng'ono wanga amene akuphunzira zaulimi ku Ulongwe anabwera ndi relatoriyo ya mapajina 8, pomwe aphunzitsi anati asapitirire 5. Iye amafuna angochepetsa zilembo basi. Ndinamukaniza, chifukwa aphunzitsi akanena kuti Times New Roman 12 ndi mpata wa 1,5 amaona msanga ukasintha, ndipo mavalori amachoka. Nayi njira imene tinatsata.

Ntchito yake inali yoyesa kameredwe ka chimanga, mbewu yogula kusitolo ndi ina yotapa m'nkhokwe, iliyonse magulu 4 a njere 100, pa kutentha kwa madigiri 25, kuwerenga tsiku la 4 ndi la 7.

Poyamba sungani kope lina la fayilo musanafufute kanthu. Kenako tengani pepala mulembe zimene mwapeza, mizere itatu yokha, osayang'ana relatoriyo. Zake zinali izi: yakusitolo inamera 92%, yam'nkhokwe 65,5%, ndipo gulu limodzi la yam'nkhokwe linachita chuku. Zitatuzi sizikhudzidwa, zina zonse zikhale pokhapokha ngati zikuthandiza woziwerenga kumvetsa zimenezi.

Ndiye pitani ku Resultados, anthu ambiri amaopa kudulako koma malo ambiri amathera komweko. Mng'ono wangayu anali ndi tabela ya manambala, pansi pake girafiko ya manambala omwewo, kenako ndime ziwiri zowerenganso manambala omwewo mmodzimmodzi, chinthu chimodzi kunenedwa katatu. Sankhani chimodzi. Ife tinatsala ndi tabela chifukwa manambala ndi 8 okha, girafiko imafunika pamene mukuonetsa momwe chinthu chikusinthira pamasiku ambiri. Pansi pa tabela tinangoika ziganizo ziwiri zonena kusiyana kwa mbewuzo. Apa pokha panachoka pajina imodzi.

Koma apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Magulu a yam'nkhokwe anamera 70, 74, 45 ndi 73. Iye amafuna achotse 45 uja, akuti akuipitsa tabela komanso akudya ndime yonse yofotokoza. Ayi ndithu! Ukachotsa 45, mediya imachoka pa 65,5 kufika pa 72,3 ndiye kuti sunafupikitse, wasintha zotsatira. Chimene tinadula ndi kufotokoza kwake, ndime yonse inasanduka chiganizo chimodzi chonena kuti gulu lachitatu linachita chuku ndipo popanda ilo mediya ikanakhala 72,3%. Mayunidade, kuchuluka kwa njere ndi nambala imene yatuluka mosiyana ndi zinzake, zimenezo musamazigwire.

Introdução yake inayambira kutali, kufunika kwa chimanga ku Angoniya, nsima, mvula, mapajina awiri athunthu. Aphunzitsi a zaulimi amazidziwa kale zimenezo. Tinasiya theka la pajina, kameredwe n'chiyani, tikuyesa chiyani, tikuyembekeza chiyani.

Ku gawo la njira funso ndi limodzi, kodi mnzanu wa turuma ina angabwereze ntchitoyi ndi zimene zatsalazo? Njere zingati, magulu angati, kutentha, masiku owerengera, zimenezi zitsale. Zoti tinalowa m'labu, tinavala mabata, tinapukuta tebulo zichoke. Ngati munatsata ndondomeko imene aphunzitsi anapereka, ingotchulani kenako nenani pokhapo pamene munasintha.

Ku Discussão fufutani chiganizo chilichonse chongobwereza nambala osanena chifukwa chake. Tinatsala ndi chifukwa chimene mbewu yam'nkhokwe imamera pang'ono, chinyezi ndi anankafumbwe amene amadya mtima wa njere, komanso malire a ntchitoyi, poti nkhokwe inali imodzi sunganene za boma lonse.

Titafika apa tinali pa mapajina 5 ndi mizere 9. Yotsalayi imachoka ndi mau a Chipwitikizi ongodzaza malo ngati "é importante salientar que" ndi "como já foi referido", ukawachotsa tanthauzo silisintha. Yang'ananinso ndime zimene mzere wake womaliza uli ndi liwu limodzi kapena awiri, mukadulamo mau atatu mzere wonse wapita. Za aneksu funsani kaye ngati amawerengedwa m'mapajinawo musanakankhireko zinthu, aphunzitsi amasiyana.

Pomaliza werengani kuyambira pamwamba muli ndi kapepala kaja m'manja. Ife tinapeza malo amene ankanenabe "ver Gráfico 1" pomwe girafikoyo tinachotsa kale, komanso ku Conclusão kunali 65% pomwe tabela ikuti 65,5%. Mukakonza sungani ngati PDF musanapite kokapirinta, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pakompyuta ina mizere imatha kusuntha n'kutulukanso pajina ya 6.