Momwe mungawerengetsere mtengo wa yuniti imodzi mu yuniti tirasiti

Yuniti tirasiti ndi thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, ndipo kampani yoyendetsa thumbalo imagula nazo masheya, mabondi a boma, omwe ndi mapepala obwereketsera boma ndalama, ndi zina zobweretsa phindu. Aliyense woponya ndalama amapatsidwa mayuniti, omwe ndi magawo ofanana a chuma chonse cha m'thumbamo. Katunduyo sakhala m'manja mwa oyendetsa. Amasungidwa ndi tirasitii, nthawi zambiri banki, m'malo mwa eni mayuniti, kuti kampani yoyendetsa ikagwa chuma cha anthu chisagwe nayo limodzi.

Mtengo wa yuniti sachita kunenerera. Amauwerengetsa. Pa sitetimenti yanu kapena pa tsamba la kampani mudzauona utalembedwa kuti NAV, ndipo umapezeka motere:

```
NAV = (katundu - ngongole) / mayuniti
```

Masamu ake ndi apafupi, koma ntchito yagona pa kudziwa chimene chikulowa mu liwu lililonse mwa atatuwo. Titenge thumba longoyerekeza tiliwerengetse kuyambira pachiyambi. Manambalawa mukhoza kuwatenga ngati a ndalama ya dziko lililonse.

Choyamba: onkhetsani katundu yense pa mtengo wa lero

Thumba lililonse lili ndi nthawi yoikika yowerengetsera chuma chake, ndipo ambiri amachita zimenezi kamodzi pa tsiku la ntchito. Chofunika ndi mtengo wa pa nthawi imeneyo. Mtengo umene oyendetsa anagulira katunduyo chaka chatha ulibe ntchito pano.

Thumba lathu lili ndi masheya 2,000,000 a kampani yoyamba, ndipo lero pa msika wa masheya sheya imodzi yatsekera pa 15. Tikachulukitsa tipeza 30,000,000. Lilinso ndi masheya 500,000 a kampani yachiwiri, omwe atsekera pa 40, kutanthauza 20,000,000. Mabondi a boma amene lili nawo, atagulitsidwa lero, angabweretse 36,500,000. Ku banki kuli ndalama zokwana 12,400,000.

Ambiri amathera pamenepa, koma pali ndalama zina zomwe ndi za thumbali ngakhale sizinafike. Bondi imabala chiwongoladzanja tsiku lililonse, chonsecho boma limalipira mwa apo ndi apo, kawirikawiri kawiri pa chaka. Tinene kuti mabondi athuwa mtengo wake wa lero ndi wofanana ndi wolembedwa pa bondipo, ndipo amapereka 10 peresenti pa chaka. Ndiye kuti pa chaka ndi 3,650,000, pa tsiku 10,000. Ngati padutsa masiku 60 chilipirireni boma, thumba lili ndi 600,000 imene yabadwa kale koma sinalowe ku banki. Imeneyi imawerengedwa ngati katundu. Ikasiyidwa, munthu wogulitsa mayuniti ake lero angamanidwe chiwongoladzanja cha miyezi iwiri imene ndalama zake zinagwira ntchito, n'kukadyedwa ndi amene walowa mawa.

Chimodzimodzi ndi dividendi, phindu limene kampani imagawira eni masheya ake. Kampani yachiwiri yalengeza kuti ipereka 1 pa sheya iliyonse, ndipo tsiku limene wogula watsopano sangalandirenso dividendiyo ladutsa thumba lathu masheya likadali nawo. Choncho 500,000 ili m'njira, ndipo nayo tiiphatikiza.

Katundu yense wakwana 100,000,000.

Chachiwiri: chotsani zonse zimene thumba liyenera kulipira

Oyendetsa thumba amalandira malipiro a pa chaka, omwe ndi peresenti ya chuma cha m'thumbamo. Sadikira kuti chaka chithe n'kudula zonse kamodzi. Amagawa ndi masiku a chaka n'kumalemba kachigawo ka tsiku lililonse ngati ngongole. Pa 1.5 peresenti, thumba la kukula kotere limalipira pafupifupi 4,100 pa tsiku. Ngati papita masiku 20 asanatape malipiro awo, ngongoleyo ili pa 82,000. Za tirasitii ndi za ofufuza mabuku zimaunjikana mwanjira yomweyo, ndipo tinene kuti zafika pa 118,000.

Apa pali chinthu chimene eni mayuniti ambiri sachizindikira: malipiro amenewa simudzawaona akudulidwa pa sitetimenti yanu, chifukwa anachotsedwa kale mtengo wa yuniti usanalengezedwe. Mukuwalipira tsiku ndi tsiku, thumba lipindule kapena liluze. N'chifukwa chake ine ndimati peresenti imeneyi muziifunsa musanasaine chilichonse.

Ngongole yachitatu ndi imene imasokoneza kwambiri. Dzulo oyendetsa anagula masheya a 1,800,000. Pa msika wa masheya ndalama sizilipidwa nthawi yomweyo, pamadutsa tsiku limodzi kapena angapo malinga ndi msika wake. Masheyawo tawawerenga kale m'katundu, koma ndalama zowalipirira zikadali ku banki mkati mwa 12,400,000 ija. Tikapanda kuichotsa 1,800,000 imeneyi ndiye kuti tawerenga chuma chimodzi kawiri.

Ngongole zonse pamodzi ndi 2,000,000, ndipo chuma chenicheni cha eni mayuniti chatsala 98,000,000.

Chachitatu: gawani ndi mayuniti onse amene ali m'manja mwa anthu

Kaundula wa thumba akusonyeza kuti mayuniti alipo 40,000,000.

```
98,000,000 / 40,000,000 = 2.45
```

Yuniti imodzi lero ili pa 2.45. Tikanaiwala ngongole ya masheya a dzulo ija, tikanapeza 2.495, ndipo aliyense wogula lero akanalipira mopitirira pomwe wogulitsa akanalandira zosakhala zake.

Chachinayi: onani mayuniti amene ndalama zanu zikugula

Tinene kuti mwabweretsa 100,000. Mathumba ena amadula ndalama yolowera, ena sadula, ndipo ena amaonetsa mitengo iwiri, wogulira wokwererapo ndi wogulitsira wotsikirapo, zomwe mapeto ake n'chimodzimodzi. Lathuli limadula 2 peresenti. Ndiye 2,000 yapita, yatsala 98,000, ndipo tikaigawa ndi 2.45 mupeza mayuniti 40,000.

Mutasintha maganizo tsiku lomwelo n'kugulitsa, mungalandire 98,000 basi. Kuti 100,000 yanu ibwerere, yuniti iyenera kukwera kufika pa 2.50. Ndalama imene mukudziwa kuti muifuna miyezi iwiri ikubwerayi si yoika m'thumba lodula polowera.

Mwina mukufunsa ngati kubwera kwanu sikukuchepetsa gawo la anzanu amene analowa kale. Ayi. Thumba lapanga mayuniti atsopano 40,000, koma lalandiranso 98,000. Chuma chafika pa 98,098,000, mayuniti pa 40,040,000, ndipo mukagawa mupezabe 2.45. Munthu akatuluka, mayuniti ake amafafanizidwa ndipo ndalama yolingana nawo imatuluka. Kuchuluka kwa ogula sikukweza mtengo wa yuniti monga zimachitikira ndi sheya ya kampani. Chimene chimausuntha ndi katundu wa m'katimo ndi ndalama zodulidwa.

Dziwaninso kuti m'mathumba ambiri mtengo umene mwauona m'mawa si umene mugulire. Umenewo ndi wa kuwerengetsa kwapita. Pempho lanu limatenga mtengo wa kuwerengetsa kotsatira, ndipo likafika nthawi yolandirira mapempho itadutsa, limagwera tsiku la ntchito lotsatira. Lamuloli ndi labwino. Popanda ilo, munthu amene waona masheya akukwera masana akanathamangira kukagula mayuniti pa mtengo wakale wotsika, ndipo phindu lake likanachokera m'matumba mwa eni mayuniti anzake.

Mtengo ukatsika, fufuzani chimene chautsitsa

Tibwerere ku manambala athu oyamba aja. Sheya ya kampani yoyamba ikatsika kuchoka pa 15 kufika pa 14, thumba lataya 2,000,000 ndipo yuniti yafika pa 2.40. Sheyayo yagwa ndi pafupifupi 7 peresenti, koma yuniti yagwa ndi 2 peresenti yokha, popeza chuma chambiri chili kwina. Uku ndi kuluza kwenikweni, ngakhale kuti mawa sheyayo ikhoza kudzukanso.

Pali kutsika kwina kumene kumaopseza anthu pachabe. Thumba likagawa phindu kwa eni ake, tinene 0.10 pa yuniti, ndalama zokwana 4,000,000 zimachoka m'chuma chake ndipo mtengo umagwa kuchoka pa 2.45 kufika pa 2.35. Inu a mayuniti 40,000 muli ndi 94,000 m'thumba ndi 4,000 imene mukulandira, zonse pamodzi 98,000 yomwe ija. Simunataye kanthu, komanso simunapate kanthu, choncho kuthamangira kugula mayuniti chifukwa mwamva kuti akugawa sabata yamawa n'kungobwezeredwa ndalama zanu zomwe. Poyeza mmene thumba lachitira pa chaka, muziphatikiza kusintha kwa mtengo ndi zonse zimene linagawa. Mathumba ena sagawa n'komwe, phindu amalisiya momwemo n'kumakweza mtengo wa yuniti.

Musanyengedwenso ndi kuchepa kwa nambala. Thumba la yuniti ya 2.45 silotchipa kuposa la yuniti ya 245. Kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa zidutswa zimene chumacho chadulidwa, monga nsalu imodzi yomweyo yodulidwa tizidutswa tambiri kapena zidutswa zochepa. Onse awiri akakwera ndi 10 peresenti, 98,000 yanu ikhala 107,800 kulikonse.

Pomwe nambalayi imanama

Masamu onsewa akudalira kuti mtengo wa katundu aliyense ndi woona. Pa sheya imene imagulidwa ndi kugulitsidwa tsiku lililonse palibe vuto. Vuto lili pa katundu amene sayenda malonda: sheya imene yatha miyezi itatu popanda wogula, bondi ya kampani imene yayamba kuvutika kulipira, nyumba zimene akatswiri amaziyeza mtengo mwa apo ndi apo.

Tiyerekeze kuti 40 wa kampani yachiwiri uja ndi mtengo wa miyezi itatu yapitayo, ndipo lero wogula weniweni sangapereke zoposa 30. Ndiye kuti chuma cha thumba chafufumitsidwa ndi 5,000,000, ndipo yuniti imayenera kukhala pa 2.325, osati 2.45. Amene atuluke msanga alandira 2.45, ndalama zake zitengedwa ku banki kapena pogulitsa katundu wabwino amene ali ndi msika. Otsalira atsala ndi katundu wovuta kugulitsa uja, ndipo kuluza konse kugwera iwo. Anthu ambiri akafuna kutuluka nthawi imodzi, oyendetsa amatha kuimitsa kaye kugula ndi kugulitsa mayuniti, ndipo malamulo a mathumba ambiri amawalola kutero.

Mungazizindikire poona zinthu ziwiri. Ngati thumba lili ndi masheya ambiri koma mtengo wa yuniti ukungoyenda mosalala pomwe msika ukukwera ndi kutsika, funsani kuti mitengo akuitenga kuti. Kenako tsegulani lipoti la pa chaka la thumbalo, lomwe ofufuza mabuku analisainira. Muli mndandanda wa katundu, ngongole zonse, ndi chiwerengero cha mayuniti pa tsiku lotseka chaka. Chotsani, gawani, ndipo muyerekeze yankho lanu ndi NAV imene analengeza pa tsikulo. Thumba likakhala ndi magulu angapo a mayuniti olipira mosiyana, gulu lililonse limakhala ndi mtengo wakewake, ndiye muwerengetse gulu lanu palokha. Mukatero, yang'anani m'mawu ofotokozera a lipotilo kuti ndi gawo lalikulu bwanji la katunduyo limene mtengo wake unachita kuyerekezedwa m'malo motengedwa pa msika.