Imelo ya malipiro a pamwezi kwa kasitomala

"Ndimawerengera ndalama sitolo ina ku Limbe, tikufuna tizilipirana pamwezi. Ndilembe bwanji imelo yofotokoza mtengo, ntchito ndi zolipitsa padera?"

Yambani ndi ndalama, musaibise kumunsi. Mwachitsanzo: "Bambo, malipiro ndi K400,000 pamwezi, ya maola 10, yolipira pasanafike pa 5 mwezi uliwonse." Nenaninso ngati msonkho wa VAT uli momwemo kapena ayi, chifukwa mkangano umayambira pamenepa invoisi ikafika.

Kenako tchulani ntchito ndi mayina ake: kulemba mabuku a ndalama, kuwerengera msonkho wa PAYE wa antchito, ndi kukumana kamodzi pamwezi. Mawu oti "ndi zina zotero" asapezekemo.

Gawo la zolipitsa padera ndiye lofunika kulisamala. Lembani kuti maola akapitirira 10, ola lililonse ndi K50,000. Ulendo wa kunja kwa Blantyre, monga ku Zomba, mafuta ndi a kasitomalayo. Ndipo a MRA akabwera kudzafufuza mabuku a zaka zapitazo, imeneyo ndi ntchito ina. Muwalonjeze kuti muziwachenjeza maola akafika 8, ndipo simudzayamba yapadera asanavomere polemba. Ine ndinagwirapo Loweruka lonse pongouzidwa pafoni, kasitomala nkudzati ankayesa zili mu malipiro omwewo.

Nenaninso ngati maola otsala amawolokera mwezi wotsatira. Ine ndimati ayi, chifukwa nthawiyo ndinawasungira.

Mutsirize powapempha ayankhe kuti "Ndavomera", ndipo yankholo mulisunge.