Momwe mungabwezere windo ya pulogalamu yomwe yasowa pa sikirini mutazula sikirini yachiwiri

Anthu ambiri amene amalumikiza laputopu ku pulojekita pa misonkhano, kapena ku sikirini yaikulu ya mu ofesi, amakumana ndi vuto ili akazula chingwe: pulogalamu ikutseguka bwinobwino, chizindikiro chake chikuoneka pa tasikiba, mzere wa m'munsi mwa sikirini uja, koma windo yake siikuoneka paliponse. Pulogalamuyo siinawonongeke ndipo ntchito yanu siinatayike. Windoyo ilipo, kungoti yatseguka pa malo amene sikirini yotsalayo siifikapo. Njira zimene zili pano ndi za Windows 10 ndi Windows 11.

Windows imawerengera malo kuyambira pa kona ya kumtunda kumanzere kwa sikirini yoyamba, ndipo sikirini yachiwiri imatengedwa ngati kupitiriza kwa malo omwewo. Tiyerekeze kuti sikirini ya laputopu yanu ili ndi timadontho 1366 m'litali mwake, ndipo pulojekita inaikidwa kumanja kwake. Malo a pulojekita amayambira pa 1366 kupita mtsogolo, choncho windo imene munaikokera kumeneko ikhoza kukhala kuti inayambira pa 1500. Mapulogalamu ambiri, makamaka akale, amasunga nambala imeneyi akamatsekedwa, ndipo mawa lake amakatsegukira pa 1500 pomwepo osafufuza ngati malowo adakalipo.

Musanayambe kusaka windoyo, tsimikizani kaye kuti kompyuta yadziwa kuti sikirini yachiwiri yachoka. Kankhirani mausi kumapeto kwa sikirini, kumanja ndi kumanzere. Kamuvi kakaima pamapeto, ndiye kuti kompyuta ikuona sikirini imodzi, koma kakapitirira n'kusowa, ndiye kuti ikuganizabe kuti yachiwiri ilipo. Izi zimachitika kawirikawiri pamene wailesi ya kanema kapena pulojekita yangozimitsidwa chingwe chidakali cholumikizidwa, kapena pamene adaputala ya `VGA` kapena `HDMI` yatsalira pa laputopu. Zikatero, dinizani `Win + P` n'kusankha `PC screen only`, ndipo nthawi zambiri mawindo onse amabwerera okha nthawi yomweyo. Batani la `Win` ndi lija lokhala ndi chizindikiro cha Windows, pafupi ndi `Alt` wa kumanzere.

Ngati windo siinabwerere, isankheni poyamba, chifukwa mabatani onse amene akutsatirawa amagwira ntchito pa windo yosankhidwa yokha. Gwirani `Alt` n'kumadiniza `Tab` mpaka mutafika pa pulogalamu yosowayo, kenako siyani. Chenjerani kuti musadinize mausi pena paliponse mukatero, chifukwa kudiniza kamodzi kokha kumachotsa chisankhocho, ndipo mudzapezeka mukusuntha windo ina mukuganiza kuti njirayo yakanika. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Windo itasankhidwa, gwirani `Win` n'kudiniza batani la pa kiyibodi la muvi wa kumanzere kapena wa kumanja, kamodzi kapena kawiri, ndipo windoyo idzabwera n'kudzaza theka la sikirini. Ngati kompyuta ikuonabe masikirini awiri, `Win + Shift` pamodzi ndi muvi wa kumanzere kapena wa kumanja imasamutsa windo kuchoka pa sikirini ina kupita pa inzake.

Pali mawindo ena amene samvera mabataniwa, monga a mapulogalamu amene kukula kwa windo yawo sikusinthika. Kwa amenewa njira yodalirika kwambiri ndi yakale ija yosuntha windo ndi kiyibodi, ndipo ndi imene ndimalimbikitsa aliyense kuiloweza, chifukwa imagwira ntchito pa mapulogalamu ambiri. Mukasankha windo ndi `Alt + Tab`, tsatirani ndondomeko iyi:

```
Alt + Space
M
```

Mabatani oyambawo amatsegula kamndandanda ka windoyo, kamene kali ndi mawu monga `Restore`, `Move`, `Size` ndi `Maximize`, ndipo `M` imasankha `Move` ngati Windows yanu ili m'Chingerezi. Kenako dinizani muvi uliwonse kamodzi kokha. Kudiniza kumeneku kumachititsa kuti windo imamatire ku mausi, moti mukangoyendetsa mausi osadiniza batani lake lililonse, windoyo imatulukira ikutsatira kamuvi. Ikafika pamene mukufuna, dinizani batani la kumanzere la mausi kapena `Enter` kuti ikhazikike. Mukhoza kuikoka ndi mivi yokha, koma mivi imayenda pang'onopang'ono, ndipo muyenera kudziwa mbali imene windoyo inasowera, pamene mausi safuna zimenezo.

Mukaona kuti mawu a `Move` ndi otuwa ndipo sakusankhika, ndiye kuti windoyo ili yokulitsidwa kapena yotsitsidwa pa tasikiba. Sankhani kaye `Restore`, kenako yambiraninso. Amene amakonda mausi angapeze kamndandanda komweka poika kamuvi pa chizindikiro cha pulogalamu pa tasikiba, kudikira kuti kachithunzi ka windo kaonekere, n'kudiniza batani la kumanja pa kachithunziko.

Nthawi zina windo yaikulu ya pulogalamu imaoneka, koma chosowa ndi kawindo kakang'ono, monga ka `Save As` kapena ka `Print`. Chizindikiro chake n'chakuti pulogalamu imakhala ngati yauma, ndipo mukadiniza paliponse imangolira kabelu. Musathamangire kuitseka mokakamiza, chifukwa mungataye ntchito yomwe simunasunge. Pulogalamuyo ikungodikira yankho pa kawindo kobisikako, ndipo kawindoko kamakhala kosankhidwa kale, choncho `Alt + Space`, `M`, muvi ndi mausi zimakabweza. Batani la `Esc` limakatseka, koma kadzatsegukiranso komweko ulendo wina.

Pa Windows 10 palinso njira yachidule yobwezera mawindo onse pakamodzi: dinizani batani la kumanja pa malo opanda kanthu a tasikiba n'kusankha `Cascade windows`. Pa Windows 11 chisankhochi chinachotsedwa, choncho musavutike kuchifunafuna.

Windo ikabwerera, ntchito siinathe, chifukwa pulogalamu ingakhale ikusungabe nambala yakale ija. Ambiri amangodiniza `Win` ndi muvi wa m'mwamba, windo n'kudzaza sikirini yonse, n'kuganiza kuti vuto latha, koma tsiku limene adzaichepetse windoyo imathawiranso pa 1500 paja, popeza malo a windo yokulitsidwa ndi malo ake a nthawi zonse amasungidwa padera. Choyenera ndi kuisiya windoyo pa kukula kwapakatikati, kuikokera pakati pa sikirini, kutseka pulogalamu mwa njira yake, n'kuitsegulanso kuti muone ngati yasunga malo atsopanowo.

Pa Windows 11, pitani ku `Settings`, `System`, `Display`, kenako `Multiple displays`, kumene kuli zisankho ziwiri zothandiza. Cha `Remember window locations based on monitor connection` chimabwezera mawindo pa sikirini yachiwiri mukailumikizanso, pamene cha `Minimize windows when a monitor is disconnected` chimatsitsira pa tasikiba mawindo amene anali pa sikirini yozulidwayo. Zisankhozi zimathandiza pa mawindo amene ali otsegula pa nthawi yozula chingwe, koma sizikonza nambala imene pulogalamu yotsekedwa kale inasunga. Pa chifukwa chimenechi, msonkhano ukatha, kokerani mawindo onse pa sikirini ya laputopu musanatseke mapulogalamu, ndipo chingwe cha pulojekita chizulidwe pomaliza.