Momwe mungawerengere makalori a samusa: ufa pawokha, zam'kati pazokha, mafuta okazingira osawaiwala

Samusa za pamsika wa Ulongwe, za pachipata cha Zobwe ndi zimene mumakazinga kunyumba sizifanana, ndipo palibe nambala imodzi ya makalori imene ingakwanire zonse. Ina chikuto chake ndi chochindikala, ina yadzaza mbatatesi, ina yamwa mafuta mpaka kunyowetsa pepala. Ngati achipatala anakuuzani kuti muchepetse thupi kapena muziyang'anira kadyedwe, njira yodalirika ndi kuigawa samusayo patatu: ufa wokanda, zam'kati, ndi mafuta amene yamwa mu chiwaya. Achitatuwa ndi amene anthu ambiri amawadumpha, komatu ndi amene amasintha kwambiri yankho.

Mufunika sikelo ya m'khitchini yowerenga magalamu, pepala ndi cholembera. Chilichonse muyeze chisanaphikidwe, chifukwa manambala a pa paketi amanena za chakudya monga chilili m'paketimo. Pa mapaketi olembedwa Chipwitikizi yang'anani mzere wa `Valor energético` ndipo tengani nambala ya `kcal`. Mukapeza ya `kJ` yokha, igaweni ndi 4.2.

Titenge chitsanzo cha samusa 40 za nyama ndi mbatatesi.

Yambani ndi ufa. Magalamu 100 a ufa wa tirigu amakhala ndi makalori pafupifupi 364, choncho theka la kilogalamu ndi 1,820. Pokanda mwathiramo masipuni aakulu awiri a mafuta, omwe ndi magalamu 28. Galamu iliyonse ya mafuta imakhala ndi makalori pafupifupi 9, ndiye apa pali 250. Madzi ndi mchere zilibe makalori. Ufa wokanda wonse wakwana 2,070, ndipo tikagawa ndi 40, chikuto chimodzi chili ndi 52. Ufa wowaza pa thebulo popalasa ndi kaphala komatira m'mphepete muzitape pa theka la kilogalamu lomwelo kuti masamu asachuluke. Ngati patsala tizidutswa tambiri timene simunagwiritse ntchito, tiyezeni: ufa wokanda ukakhala kuti unalemera magalamu 800 ndipo atsala 80, chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi.

Kenako zam'kati. Nyama yogaya ya ng'ombe yokhala ndi mafuta ooneka bwino imakhala ndi makalori pafupifupi 250 pa magalamu 100 ikadali yaiwisi, choncho theka la kilogalamu ndi 1,250. Ikakhala yofiira yopanda mafuta ambiri, nambalayi imatsika ndithu. Mbatatesi yosenda ya magalamu 300, pa makalori 77 magalamu 100 aliwonse, ndi 230. Anyezi wa magalamu 200 ndi 80. Sipuni imodzi ya mafuta okazingira anyeziyo ndi 125. Adyo, tsabola ndi kale musavutike nazo. Zonse pamodzi ndi 1,685, ndipo samusa imodzi ikutenga 42.

Apa pali msampha. Zimene munaika m'poto zinali zopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, koma zikapsa mwina zilemera magalamu 800 okha. Chachoka ndi madzi, makalori onse akadali momwemo. Munthu akayeza nyama yophika n'kuiwerengera ndi nambala ya yaiwisi, amapeza makalori ochepa kuposa enieni. Kulemera kwa zophikazo kulembeni ndithu, chifukwa kumathandiza zam'kati zikatsala: 1,685 kugawa ndi 800 kukupereka makalori pafupifupi 2 pa galamu, ndiye zotsala mumaziyeza n'kuzichotsa.

Tsopano mafuta okazingira. Ena amayeza samusa isanalowe mu chiwaya, n'kuiyezanso itatuluka, poganiza kuti kusiyanako ndiwo mafuta. Sizitheka. Thovu limene mumaliona samusa ikamakazingika ndi madzi akutuluka ngati nthunzi, ndipo nthawi zambiri madzi ochokawo amalemera kuposa mafuta olowa. Samusa imatuluka yopepukirapo, sikelo n'kukunamizani kuti sinamwe kanthu.

Choyenera kuyeza ndi mafutawo. Ikani chiwaya ndi mafuta ake pa sikelo musanayatse moto, lembani. Mukamaliza kukazinga dikirani azizire, pofuna kupewa kupsa komanso kusungunula sikelo ya pulasitiki. Mafuta amene adonthera m'mbale pansi pa sefa abwezereni mu chiwaya, vuulani zinyenyeswa zotsalira pansi, kenako yezaninso. Tinene kuti poyamba zinali magalamu 1,900 ndipo tsopano ndi 1,700. Apita magalamu 200, kutanthauza magalamu 5 pa samusa iliyonse, omwe ndi makalori 45. Pang'ono pa mafutawa athovukira pambali kapena atsalira pa pepala, motero nambalayi imakhala yokwererapo pang'ono. Ine ndimaisiya choncho, chifukwa kwa munthu amene akuchepetsa thupi kuwerengera mopitirira pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kuperewera.

Ngati mulibe sikelo yonyamula chiwaya, gwiritsani ntchito jagi yokhala ndi mizere. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi: mamililita 100 amalemera magalamu pafupifupi 92, omwe ndi makalori opitirira pang'ono 800. Muwayeze ali ozizira maulendo onse awiri, popeza akatentha amafufuma n'kuoneka ngati alipo ambiri.

Tiphatikize tsopano: 52 za ufa, 42 za zam'kati, 45 za mafuta okazingira. Samusa imodzi ili ndi makalori 139, tingoti 140. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu likuchokera mu chiwaya. Amene waiwala mafutawa amalemba 94, ndipo akadya zinayi ndi tiyi amakhala atabisa makalori 180 osadziwa.

Magalamu 5 aja si lamulo, n'chifukwa chake ndikukakamira kuti muyeze nokha. Mafuta akakhala osatentha mokwanira, samusa imakhalitsamo ndipo imamwa ambiri. Kutentha koyenera ndi madigiri 170 mpaka 180. Popanda choyezera, ponyani kachidutswa ka ufa wokanda: kakamira pang'ono n'kubwera pamwamba kakuchita thovu, mafuta afika, kakagona pansi phee, dikirani. Pa mbaula ya makala moto umatsika osaonekera, ndiye samusa zomaliza zimakonda kukhala zotumbuluka ndi zonona kuposa zoyamba. Kuika zambiri nthawi imodzi kumaziziritsanso mafuta. Ndipo samusa imene sinamatidwe bwino ikang'ambika pakona, mafuta amalowa m'kati. Muidziwa mukaiswa, mbatatesi yake imanyezimira.

Nanga yogula pamsika, imene simunaone pokanda? Itengereni kunyumba, iswani, kokolani zam'kati ndi sipuni, muyeze mbali ziwirizo padera. Kuchokera pa chitsanzo chathu, chikuto chokazinga chimanyamula makalori 97, a ufa ndi a mafuta pamodzi, m'magalamu opitirira pang'ono 20, choncho chulukitsani magalamu ake ndi 4.5. Zam'kati za nyama ndi mbatatesi chulukitsani ndi 2, ndipo zikakhala mbatatesi ndi anyezi zokha, ndi 1. Samusa ya chikuto cha magalamu 30 ndi mbatatesi ya magalamu 25 ikhala 135 kuphatikiza 25, yomwe ndi 160. Yopanda nyamayi yaposa ya nyama ija chifukwa cha kuchindikala kwa chikuto. Uku ndi kuyerekeza chabe, kungaphonye ndi makalori makumi angapo, makamaka samusayo ikakhala yonyowetsa zala.

Za kunyumba mukaziyeza kamodzi, sungani pepalalo. Muyezenso pokhapokha mwasintha nyama, kukula kwa samusa kapena moto umene mumakazingira.