Momwe mungasankhire malonje ndi mawu otsanzikira pa imelo yofunsira ntchito

Makalata ambiri ofunsira ntchito kuno kwathu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mwambo umene timatsata ndi wa ku Britain, umene umati malonje ndi mawu otsanzikira amayendera limodzi. Mukasankha malonje, mawu otsanzikira asankhika kale. Choncho ntchito yaikulu ili pamwamba pa kalata, ndipo imayamba musanalembe chilichonse.

Choyamba, werenganinso chidziwitso cha ntchitoyo, makamaka kumunsi kumene amanena kotumiza makalata, kuti muone ngati atchula dzina la munthu kapena udindo wokha. Nthawi zambiri amangotchula udindo, monga mkulu woona za antchito. Zikatero lembani "Dear Sir/Madam," ndipo potsanzika lembani "Yours faithfully,". Musalembe "Dear Sir" yekha poganiza kuti bwana aliyense ndi bambo, chifukwa m'maofesi ambiri amene amatsegula makalatawa ndi amayi, ndipo palibe amene amakondwa kuona kuti wofunsira ntchito wamuiwala pa mzere woyamba.

Ngati dzina latchulidwa, ligwiritseni ntchito, koma apa ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Tiyerekeze kuti chidziwitso chikuti makalata apite kwa Chisomo Phiri. Dzina lakuti Chisomo, monganso Mphatso, Chikondi, Thokozani ndi Takondwa, amapatsa ana aamuna ndi aakazi omwe, kotero simungadziwe ngati mulembe "Mr" kapena "Ms" pongoliyang'ana. Fufuzani pa tsamba la kampaniyo la pa intaneti kapena pa LinkedIn, ndipo ngati pachidziwitso pali nambala ya foni ya ofesi, si chamwano kuimba ndi kufunsa wolandira alendo. Mukapeza kuti ndi bambo, lembani "Dear Mr Phiri,". Mukapeza kuti ndi mayi, lembani "Dear Ms Phiri," chifukwa "Ms" sanena ngati munthu ali pabanja kapena ayi, pamene "Mrs" ndi wa okwatiwa ndipo "Miss" ndi wa osakwatiwa. Mugwiritse ntchito "Mrs" pokhapokha ngati mwiniwake wadzilemba choncho. Zikakanika zonse, lembani maina onse awiri popanda mawu aulemu patsogolo, kuti "Dear Chisomo Phiri,". Ena amaona ngati kutero n'kuuma, koma ine ndimati kuli bwino kuoneka wouma kusiyana ndi kumutchula mayi kuti bambo.

Onetsetsaninso kuti mwatenga dzina la bambo, osati loyamba. "Dear Mr Chisomo" ndi cholakwika chimene chimachokera m'kalankhulidwe kathu ka tsiku ndi tsiku, ndipo chimachuluka pamene chidziwitso chayamba ndi dzina la bambo, monga zimakhalira m'kaundula wa kusukulu. Ngati munthuyo ndi dokotala kapena pulofesa, "Dr" kapena "Professor" amalowa m'malo mwa "Mr" kapena "Ms", sakhalira limodzi. Kalembedwe ka dzinalo kakopereni chilembo ndi chilembo kuchokera pachidziwitso, pakuti Nkhoma ndi Nkoma ndi anthu awiri osiyana.

Kalata iliyonse imene yayamba ndi dzina la munthu imatha ndi "Yours sincerely,". Chilembo choyamba chokha ndicho chimakhala chachikulu, ndipo mawu akuti "Yours" alibe chizindikiro cha nkhodolero pakati pake. Mabungwe a ku America amangolemba "Sincerely," pa makalata a mitundu yonse iwiri, ndipo mungatero polembera iwowo. Mawu monga "Kind regards," asungeni mpaka atakuyankhani, pamene mukugwirizana za tsiku la mayeso a ntchito.

Pali chizolowezi chathu chabwino chimene pano chiyenera kutsala pakhomo. Pa Chichewa sitiyamba nkhani tisanafunse za moyo, koma pa imelo yofunsira ntchito, mzere wotsatira malonje unene ntchito imene mukufunsira ndi kumene munaona chidziwitso chake. "Good morning" naye sathandiza, chifukwa simudziwa ngati kalatayo idzatsegulidwa m'mawa kapena madzulo, ndipo "Hi" ndi wa anzanu a pa WhatsApp.

Pansi pa mawu otsanzikira siyani mzere umodzi, kenako lembani maina anu onse monga alili pa satifiketi zanu, ndi nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse. Ngati mukutumiza pa foni, yang'anani kumunsi kwenikweni, chifukwa mafoni ena amaikapo okha mawu monga "Sent from my iPhone", ndipo mwina pali vesi kapena dzina lachibwana limene munaika kalekale. Zifufuteni zimenezo. Ngati mwalumikiza kalata ina ku imeloyo pamodzi ndi mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu, itsegulaninso musanatumize kuti muone ngati malonje ake akufanana ndi a pa imelo, pakuti kalata imene munalembera kampani ina mwezi watha imakhala ikadali ndi dzina la bwana wa kumeneko.