Kavidiyo kojambula pamanja ka banki m'khonde, momwe mungakapangire ndi foni yanu yomweyo

Anzanga alangizi komanso inu amene mumayendera magulu a banki m'khonde kuno ku Salima, ambiri mwakhala mukundifunsa za kavidiyo kaja ndinaonetsa ku gulu lina la kwa Khombedza, kaja kamangooneka dzanja likujambula papepala loyera uku mawu akumveka. Nde ndati ndilembe kamodzi momwe ndinakapangira kuti aliyense ayesere kwake, chifukwa sipafunika kompyuta ayi, foni, pepala ndi maka basi.

Choyamba ndikuuzeni pomwe ndinalakwitsa. Koyamba kanga ndinalongamo chilichonse, zoti njira imeneyi anaiyambitsa a CARE ku Niger mu 1991, zoti bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, komiti ya anthu asanu, kugula masheya kuyambira limodzi mpaka asanu pa msonkhano, thumba la zadzidzidzi, zonsezo, mpaka kanakwana mphindi 9 ndipo pofika pakati amayi anali atayamba kale kucheza zawo. Nditaganiza bwino ndinaona kuti bokosi ndi maloko anthuwa amaziona sabata iliyonse, safuna vidiyo kuti awauze. Chomwe amachiona kamodzi pachaka ndi kugawana, ndipo mkangano umabuka pomwepo, wina akuti andibera, wina akuti ine ndimakongola kwambiri bwanji ndalandira zochepa. Choncho kavidiyo kanu kayankhe funso limodzi lokha: sheya imene ndinagula pa K1,000, tsiku logawana imakhala ndalama zingati, ndipo chifukwa chake nchiyani.

Musanagwire maka lembani kaye mawu. Tengani pepala mulipinde pakati, kumanzere mulembe zomwe mudzanene, kumanja chomwe dzanja lidzakhale likujambula nthawi imeneyoyo. Chiganizo chimene kumanja kwake mwasowa chojambula, chichotseni, chimenecho ndi cha pa msonkhano osati cha muvidiyo. Lembani m'Chichewa kuyambira pachiyambi ndipo mugwiritse mawu amene gululo limanena lokha, masheya, chidindo, kabuku, chiwongola dzanja, chindapusa. Kenako werengani mokweza mukuyang'ana wotchi. Ine ndikamawerenga modekha ndimatha mawu ngati 90 pa mphindi, nde kavidiyo ka mphindi zitatu ndimadziwa kuti ndisapitirire mawu 270, inunso dziyeseni chifukwa kayankhulidwe timasiyana.

Pa masamu mpamene ndimafuna mukhalitsepo. Gulu lenileni limakhala ndi anthu 15 mpaka 25 ndipo ndalama zogawana zimafika mamiliyoni, mukajambula zimenezo pepala lidzadza ndi maziro wina aliyense asokonezeka. Ine ndinachepetsa gulu kukhala anthu atatu ndi masheya 10, ndipo ndinanena poyambirira penipeni kuti ichi ndi chitsanzo chabe. Anthuwo sindinawapatse mayina, chifukwa mukangotchula dzina m'mudzi simulephera kupezeka mwini wake nkumati vidiyo ikunena iye. Ndinawasiyanitsa ndi zovala: mayi a duku, mayi a dengu pamutu, bambo a chipewa.

Nkhani yake imayenda chonchi. Sheya ndi K1,000. Mayi a duku agula masheya 5, bambo a chipewa 3, mayi a dengu 2, ndipo sheya iliyonse dzanja limajambula kabokosi kamodzi pansi pa mwini wake ngati mmene chidindo chimaonekera m'kabuku. Pamodzi masheya 10, m'bokosi muli K10,000. Kenako mayi a dengu akufuna kukaoda usipa ku Senga Bay. Lamulo la magulu ambiri limati munthu akongole mosapyola katatu pa zomwe wasunga, iwo asunga K2,000 nde atenga K6,000. Chiwongola dzanja ndinaika K10 pa K100 iliyonse pamwezi (ngati gulu lanu linagwirizana K20 ikani yomweyo, osamaonetsa anthu nambala yosiyana ndi malamulo awo), ndiye kuti K600 mwezi uliwonse, miyezi itatu K1,800, pamapeto nkubweza K6,000 ija. Bambo a chipewa anachedwa pa msonkhano, chindapusa K200. Tsopano m'bokosi muli K10,000 ya masheya, K1,800 ya chiwongola dzanja ndi K200 ya chindapusa, zonse K12,000. Tikagawa K12,000 ndi masheya 10, sheya imodzi yafika pa K1,200. Mayi a duku alandira K6,000, bambo a chipewa K3,600, mayi a dengu K2,400.

Taonani bwino mayi a dengu aja. Alipira K1,800 ya chiwongola dzanja koma phindu lomwe labwerera kwa iwo ndi K400 yokha, pomwe mayi a duku amene sanakongole nkomwe apindula K1,000. Mnzanga wina anandiuza kuti gawo limeneli ndilichotse anthu angakhumudwe, ine ndinakana, chifukwa mkangano wa tsiku logawana umachokera pomwepa. Phindu limatsata masheya osati ngongole, ndipo phindu la wokongola lili ku usipa womwe anakagulitsa uja. Munthu akaziona izi papepala mwezi woyamba amasankha yekha, kaya awonjezere masheya kaya achepetse kukongola, kusiyana ndi kudzazimva mu Disembala ndalama zili pa mphasa iye akuwerengera zogulira feteleza. Muvidiyo ndinajambula muvi wochoka kwa mayi a dengu kulowa m'bokosi, kenako timivi 10 tochoka m'bokosi kupita pa sheya iliyonse, pamenepo mpomwe anthu anayamba kugwedeza mitu. Thumba la zadzidzidzi ndinangojambula kathumba pambali nkunena chiganizo chimodzi kuti ili ndi la maliro ndi matenda, sililowa m'masamu awa.

Mawu akakonzeka ajambuleni kaye pafoni musanayambe zithunzi. Ambiri amachita mosemphanitsa, amajambula zithunzi kenako nkumathamangitsa pakamwa kuti zigwirizane, mapeto ake pa masamu pamene pamafunika kudekha mpomwe amayankhula mwaliwiro. Lowani m'chipinda chomwe muli matiresi ndi zovala, tsekani zenera, foni ikhale ngati chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa. Panja musayerekeze makamaka nyengo ya mwera, mphepo ija kukhutu simuimva kwambiri koma foni imaitola yonse. Mukatchula nambala pumani pang'ono, muwerenge mumtima kawiri kenako pitirizani.

Tsopano zojambula. Bolodi loyera lolembapo ndi maka limanyezimira, kamera imaona kuwala kwa zenera pakati penipeni pa nambala zanu, nde ine ndinalisiya nkumagwiritsa pepala la filipichati loyala patebulo. Maka akhale wakuda wonenepa komanso watsopano, wofiira musungire ndalama ya phindu yokha kuti diso lizidziwa kuti chofiira ndi chomwe chawonjezeka. Foni iyang'ane pansi molunjika: ikani mipando iwiri uku ndi uku, pingasani thabwa pamwamba, foni muimange ndi mphira kamera ikusuzumira m'mphepete mwa thabwalo, ndipo igone chopingasa. Pepala mulimate ndi selotepi m'makona onse, likangosuntha pang'ono vidiyo mukaithamangitsa imaoneka ngati kukuchita chivomerezi. Malo abwino ndi pakhonde pamthunzi m'mawa, kuwala kuzichokera mbali ya dzanja lomwe simulembera kuti mthunzi wa dzanja lanu usaphimbe zomwe mukulemba. Mafoni ambiri mukadina pa sikirini nkugwira kwa kanthawi kamera imakhazikika pamalo amodzi, chitani zimenezo, apo ayi dzanja likamalowa ndi kutuluka chithunzi chizingowala ndi kuda, pena kuchita mbuu.

Za luso musadandaule nazo, mutu ndi kozungulira, thupi ndi timizere, duku ndi kamakona atatu. Chomwe chimavuta ndi malo, umayamba ndi zithunzi zikuluzikulu pofika pa K12,000 pepala latha. Nde yambani mwalemba mopepuka kwambiri ndi pensulo pomwe chilichonse chikhale, anthu atatu pamwamba, masheya pansi pawo, bokosi pakati, masamu ogawana m'munsi, kenako muzingodutsamo ndi maka. Pensulo yopepuka kawirikawiri siioneka pa kamera, koma jambulani kaye masekondi 10 muone nokha. Nambala muzilemba zazikulu ngati zala zitatu ndipo mukamaliza iliyonse chotsani dzanja lonse kuti ioneke. Alipo maapu ngati VideoScribe amene amakuikirani dzanja lopanga kale, koma amafuna kulipira ndipo zithunzi zake mulibemo dengu la usipa, dzanja lanu lomwelo ndi labwino.

Polumikiza mawu ndi zithunzi ine ndimagwiritsa apu ya CapCut pafoni. Lowetsani vidiyo, zimitsani phokoso lake, ikani mawu aja pansi, kenako dulani vidiyoyo m'zigawo motsata mizere ya papepala lanu lopinda lija. Chigawo chilichonse mupite pa Speed muchithamangitse mpaka chifanane ndi mawu ake, pojambula anthu ndi bokosi 4x, kutanthauza kuthamangitsa kanayi, imakhala bwino. Koma pa kugawa K12,000 ndi 10 musapyole 2x, ndipo K1,200 ikalembedwa isiyeni iime masekondi atatu popanda chilichonse chosuntha. Nyimbo musaikemo, pa sipika ya foni imangophimba mawu. Potulutsa sankhani 720p kapena 480p kuti isadye bandulo ya anthu, ndipo ena mudzawapatsira pa Bluetooth kapena pa memole kadi.

Musanaitumize kulikonse iyeseni kwa anthu atatu kapena anayi a m'gulu, pakhale mmodzi amene sadziwa kuwerenga, ndipo inu musafotokoze kanthu. Ikatha musafunse kuti mwamva, aliyense amati eya pokupatsani ulemu. Funsani kuti, mayi a dengu akanakhala ndi masheya 4, sheya ili pa K1,200 pomwepo, akanalandira zingati? Akati K4,800 ndiye kuti yagwira. Nditayesa yanga, agogo ena anati masheya ndawaona koma ndalama zofiirazo zachokera kuti, ndinabwereza kuonera nkupeza kuti muvi wa chiwongola dzanja ndinauthamangitsa pa 4x limodzi ndi bokosi, umangodutsa ngati mphezi. Ndinachepetsa liwiro pagawo lokhalo nkuwaonetsanso, iwo nkuloza ndi chala pa sikirini kuti aa, ndi za mayi a usipa zija eti.

Pokaonetsa ku gulu, foni imodzi sikwanira anthu 20, agaweni asanuasanu aziona mosinthana, ndipo mlembi akhale ndi mabuku pafupi kuti vidiyo ikangotha muchite masamu omwewo ndi masheya enieni a gululo.